Kuwerenga zilumba pa tebulo la 0 ndi 1, ndi chomwe chimagwetsa pulogalamu yolondola ikafika pa chilumba chachikulu

Chithunzi chojambulidwa ndi setilaiti chikafika mu kompyuta sichikhala ndi nyanja, gombe kapena phiri. Chimakhala tebulo la timabokosi tambirimbiri, ndipo kabokosi kalikonse kamasunga nambala. Munthu akafuna kusiyanitsa madzi ndi mtunda amatha kusandutsa manambala onsewo kukhala awiri okha, 0 pomwe pali madzi ndi 1 pomwe pali mtunda. Zikatero funso limabwera lokha: pa tebuloli pali zilumba zingati? Nali tebulo laling'ono la mizere 4 yopingasa ndi mizere 5 yotsika.

```
1 1 0 0 1
1 0 0 1 1
0 0 1 0 0
1 0 1 1 0
```

Tigwirizane kaye kuti chilumba n'chiyani. Timabokosi tiwiri ta 1 tili pa chilumba chimodzi ngati tagundana m'mbali, kutanthauza pamwamba, pansi, kumanja kapena kumanzere, kapenanso ngati mungachoke pa kamodzi n'kukafika pa kenako mukuponda ma 1 okhaokha ogundana motero. Kugundana pa ngodya sikuwerengedwa. Ndi lamulo limeneli tebulo lathu lili ndi zilumba 4. Chimodzi chili pa ngodya ya pamwamba kumanzere ndipo chili ndi timabokosi 3, china cha timabokosi 3 chili pamwamba kumanja, china cha timabokosi 3 chili pansi chapakati, ndipo chotsiriza ndi kabokosi kamodzi kokha pa ngodya ya pansi kumanzere.

Diso la munthu laona zimenezi nthawi imodzi. Kompyuta ilibe mwayi wotero, chifukwa imayang'ana kabokosi kamodzi pa nthawi. Ikangowerenga ma 1 onse ipeza 10, lomwe ndi yankho la funso lina. Pamafunika njira yoti ikakumana ndi mtunda idziwe ngati ndi chilumba chatsopano kapena ndi mbali ina ya chilumba chomwe yachiwerenga kale.

Funsoli ndi lotchuka pakati pa ophunzira kulemba mapulogalamu. Pa LeetCode, pomwe ambiri amakonzekera mayeso olowera ntchito, lili pa nambala 200 ndipo dzina lake ndi `Number of Islands`. Koma ntchito yake ndi yakale kuposa mayesowo. Mu 1966 Azriel Rosenfeld ndi John Pfaltz anasindikiza njira yolekanitsira zigawo zolumikizana za pa chithunzi, ndipo kachidebe ka utoto ka mu pulogalamu yojambulira, komwe mukadina malo amodzi kamadzaza chigawo chonse ndi mtundu umodzi, kamagwira ntchito yofanana ndi yomwe tikufotokoza pano.

Kumiza chilumba chomwe mwachiwerenga

Nzeru yake ndi iyi. Yendani pa tebulo mzere ndi mzere, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Mukapeza 1, onjezani chimodzi pa chiwerengero cha zilumba, ndipo musanapitirire, mizani chilumba chonsecho posandutsa ma 1 ake onse kukhala 0. Mukadzafika pa mbali zake zina mudzapeza madzi, choncho simudzachiwerenga kawiri. Mu chiyankhulo cha Python gawo loyendali limalembedwa chonchi, pomwe `g` ndi tebulo, `r` ndi nambala ya mzere wopingasa ndipo `c` ndi ya mzere wotsika, zonse kuyambira pa 0.

```python
def werenga(g):
    zilumba = 0
    for r in range(len(g)):
        for c in range(len(g[0])):
            if g[r][c] == 1:
                zilumba += 1
                miza(g, r, c)
    return zilumba
```

Nkhani yonse yagona pa `miza`. Njira yomwe ambiri amayamba kuphunzira ndi kufufuza kolowa mkati kaye, komwe m'mabuku amakulemba mwachidule kuti DFS. Mukaima pa kabokosi ka mtunda mumakamiza, n'kupita kwa koyandikana nako koyamba, ndipo kumeneko mumachitanso chimodzimodzi, kulowa mkati mpaka njira itatha. Pokhapo m'pamene mumabwerera m'mbuyo kukayesa mbali zomwe munazisiya. Mfalansa wina wa m'zaka za m'ma 1800, Charles Pierre Trémaux, anafotokoza njira yotere yotulukira m'malo a tinjira tosokoneza, ndipo mu 1972 Robert Tarjan anaonetsa kuti kafufuzidwe aka kamathetsa mafunso ambiri ovuta a zinthu zolumikizana pa nthawi yongolingana ndi kukula kwa zinthuzo.

Kalembedwe kake kachidule kamagwiritsa ntchito fankishoni yodziitana yokha:

```python
def miza(g, r, c):
    if r < 0 or r >= len(g) or c < 0 or c >= len(g[0]):
        return
    if g[r][c] != 1:
        return
    g[r][c] = 0
    miza(g, r + 1, c)
    miza(g, r - 1, c)
    miza(g, r, c + 1)
    miza(g, r, c - 1)
```

Mizere yoyambirira ikuti ngati tatuluka kunja kwa tebulo kapena taponda madzi, tibwerere osachita kanthu. Kupanda apo timiza kabokosiko, n'kuitana `miza` yemweyo pa kabokosi ka pansi, ka pamwamba, ka kumanja ndi ka kumanzere, motsatana chomwecho.

Tiyese pa chilumba cha pamwamba kumanja. Woyenda uja amafika pa (0, 4), kutanthauza mzere wopingasa 0 ndi mzere wotsika 4, napeza 1. Kuitana koyamba kumamiza kabokosiko n'kuyang'ana pansi pa (1, 4). Pamenepo pali mtunda, ndiye kuitana kwachiwiri kumayamba, koyamba kuja kusanathe. Kwachiwiri kumamiza (1, 4), kupeza madzi pansi, kupezanso madzi pamwamba pomwe tangomiza kumene, kupeza kuti kumanja tebulo latha, kenako kumanzere pa (1, 3) kupeza mtunda. Kuitana kwachitatu kumayamba, kuwiri kuja kukudikira. Pa (1, 3) mbali zonse zinayi ndi madzi, choncho kwachitatu kumatha, kwachiwiri kumathanso, ndipo koyamba kumapitiriza pomwe kunalekezera, kuyang'ana pamwamba, kumanja ndi kumanzere kwa (0, 4), osapeza kanthu. Chilumba chamira, ndipo chawerengedwa kamodzi.

Pulogalamu imeneyi ndi yolondola, ndiponso siichedwa. Kabokosi kalikonse kamayang'anidwa kamodzi ndi woyenda uja, kenako kosaposa kanayi ndi timabokosi toyandikana nako. Tebulo likakula kawiri, ntchito imakulanso pafupifupi kawiri basi. Vuto lake lili pa mawu omwe tawadutsa mofulumira aja, akuti kuitana kwina kumadikira.

Odikira amakhala kuti

Kuitana kulikonse komwe sikunathe kumayenera kukumbukiridwa. Kompyuta imasunga `r` ndi `c` wa kuitanako komanso mzere wa pulogalamu womwe idzayambirenso ikabwerera. Zolemba zimenezi zimasanjikizana ngati mbale za pa thandala, yomwe yaikidwa pomaliza ndiyo imayamba kuchotsedwa, ndipo ya pansi penipeni siichoka mpaka zonse za pamwamba pake zitachoka. Malo omwe mulu umenewu umakhala mu memore ya kompyuta anapatulidwa padera, ndipo ndi ochepa. Pa chilumba chathu cha timabokosi 3 muluwo unangofika pa maitanidwe atatu a pa mtunda, kuphatikiza kamodzi kosuzumira madzi. Kutalika kwa mulu kumatsata kutalika kwa njira yomwe kafufuzidwe kayenda kasanabwerere m'mbuyo, ndipo kuchuluka kwa zilumba sikukhudzana nazo mpang'ono pomwe.

Apa m'pamene maganizo a ambiri amaphonya. Munthu amaona tebulo la 300 kwa 300 n'kuganiza kuti njira yaitali kwambiri ingakhale ya timabokosi 300, kapena 600 mukayenda m'mbali ziwiri. Tatengani tebulo lodzaza ma 1 okhaokha, mutsate dongosolo la pulogalamu yathu la pansi, pamwamba, kumanja, kumanzere. Kuchokera pa ngodya ya pamwamba kumanzere imatsika mzere woyamba wonse mpaka pansi. Itafika pansi, sikungatheke kutsikanso, pamwamba pamira kale, ndiye imalowera kumanja. Mu mzere wachiwiriwo imakwera mpaka pamwamba, n'kulowanso kumanja, n'kutsika. Imazungulira chomwecho mpaka kabokosi kotsiriza, ndipo pa ulendo wonsewo palibe kuitana kwa pa mtunda ngakhale kumodzi komwe kwatha. Pa tebulo la 300 kwa 300, lomwe ndi lalikulu kwambiri mwa omwe funso la pa LeetCode limalola, muluwo umafika pa 90,000.

Python simalola kufika kumeneko. Mwachizolowezi imaletsa maitanidwe osanjikizana kupitirira 1000, ndipo mungaone nambalayi polemba `sys.getrecursionlimit()`. Mukadutsa malirewo pulogalamu imaima ndi uthenga woyamba ndi mawu awa:

```
RecursionError: maximum recursion depth exceeded
```

Kuti muone kuchepa kwa malirewa, tebulo lodzaza la 31 kwa 31 lili ndi timabokosi 961 ndipo limadutsa bwinobwino. La 32 kwa 32 lili ndi 1024 ndipo limagwa. Chomwe chimadandaulitsa n'chakuti tebulo la timabokosi miliyoni lokhala ndi tizilumba ting'onoting'ono tobalalika limadutsa popanda vuto, kotero wolemba pulogalamu yemwe anaiyesa pa matebulo otere amakhulupirira kuti zonse zili bwino, mpaka tsiku lomwe idzakumane ndi mtunda umodzi waukulu.

Mtunda waukulu wotero suli kutali. Chilumba cha Likoma, pa Nyanja ya Malawi, ndi chachikulu pafupifupi masikweya kilomita 18. Pa zithunzi za setilaiti za Landsat kabokosi kamodzi kamaimira malo a mamita 30 kwa 30, omwe ndi masikweya mita 900, ndiye Likoma yokha imatenga timabokosi pafupifupi 20,000. Pa zithunzi za Sentinel-2, pomwe kabokosi kamatha kukhala ka mamita 10 kwa 10, timafika pafupifupi 180,000. Gombe lokhotakhota limachititsa kuti kafufuzidwe kazibwerera m'mbuyo apo ndi apo, choncho mulu sungafike pa nambala yonseyo, koma pa chilumba chodzaza mkati ngati chimenechi malire a 1000 amadutsidwa ntchito itangoyamba.

Ziyankhulo zina zimagwa mosiyana koma chifukwa chake n'chimodzi. Java imapereka `StackOverflowError`. JavaScript ya mu Chrome ndi Node imati `RangeError: Maximum call stack size exceeded`. Pulogalamu ya C kapena C++ siiwerenga n'komwe maitanidwe, imangolemba mpaka malo atatha, ndipo pa Linux imafa ndi mawu akuti `Segmentation fault`, osatchula mzere womwe walakwa. Pa makompyuta ambiri a Linux malo a muluwo ndi mamegabaiti 8, zomwe lamulo la `ulimit -s` limaonetsa ngati 8192, pomwe pa Windows chizolowezi ndi megabaiti imodzi. Tiyerekeze kuti kuitana kulikonse kukutenga mabaiti 64. Pa Linux mukwana maitanidwe 131,072, ndipo tebulo la 300 kwa 300 lidutsa. Pa Windows mukwana 16,384, omwe ndi tebulo lodzaza la 128 kwa 128 chabe. Pulogalamu imodzimodzi, tebulo limodzimodzi, koma pa kompyuta ya mnzanu ikuyenda, pa yanu ikufa.

Chizindikiro chosiyanitsira vutoli ndi lina lofanana nalo chilipo. Munthu akaiwala mzere wa `g[r][c] = 0`, timabokosi tiwiri toyandikana timaitanana mosalekeza, ndipo uthenga wake umakhala womwewo wa `RecursionError`. Kusiyana kwake n'kwakuti kulakwitsa kumeneku kumagwetsa pulogalamu ngakhale pa chilumba cha timabokosi 2. Ngati matebulo aang'ono onse akupereka mayankho olondola ndipo kugwa kukubwera pokhapokha chilumba chikakula, ndiye kuti kafufuzidwe kali bwino, chomwe chachepa ndi malo a odikira.

Kukweza malire

Mankhwala omwe amabwera msanga m'maganizo ndi kulemba `sys.setrecursionlimit(1000000)` pamwamba pa pulogalamu. Nthawi zina zimathandizadi, ndipo pa mayeso omwe kukula kwa tebulo kumadziwika kale anthu ambiri amadutsa nazo. Koma lamulo limeneli limangosuntha nambala yomwe Python imayamba kuletsa, silikulitsa malo omwe kompyuta inapatula. M'mitundu ya Python ya Python 3.11 isanatuluke mu 2022, kuitana kulikonse kwa fankishoni kunkadyanso malo a mulu weniweni wa kompyuta, kotero kukweza malire kwambiri kunkasandutsa uthenga womveka uja kukhala imfa yadzidzidzi ya pulogalamu yonse. Kuyambira pa 3.11 maitanidwe a fankishoni ya Python kupita ku inzake ya Python sadyanso malo amenewo, ndiye zinthu zinapepukako. Komabe pulogalamu yodalira zimenezi imayenda kapena kugwa malinga ndi mtundu wa Python womwe uli pa kompyuta ya wogwiritsa ntchito, ndipo nambala iliyonse yomwe mungasankhe ili ndi chilumba chomwe chidzaipose. Ine ndimaona kuti pa pulogalamu yomwe idzalandire zithunzi zenizeni, zomwe kukula kwake sitikudziwa lero, njira imeneyi si yoyenera kuidalira.

Kusunga mulu wathuwathu

Chomwe kafufuzidwe kamafuna ndi kukumbukira malo omwe sikanamalize. Palibe chokakamiza kuti chikumbutso chimenechi chikhale mu mulu wa maitanidwe. Tingachisunge tokha mu mndandanda wamba, womwe umakhala m'chigawo chachikulu cha memore, momwe mumakhala tebulo lenilenilo, ndipo umakula malinga ndi memore yomwe kompyuta ili nayo. Gawo la `werenga` silisintha, timangolembanso `miza`:

```python
def miza(g, r, c):
    g[r][c] = 0
    mulu = [(r, c)]
    while mulu:
        r, c = mulu.pop()
        for a, b in ((r+1, c), (r-1, c), (r, c+1), (r, c-1)):
            if 0 <= a < len(g) and 0 <= b < len(g[0]) and g[a][b] == 1:
                g[a][b] = 0
                mulu.append((a, b))
```

Tsopano fankishoni siikudziitananso. Imamiza kabokosi koyamba n'kukaika pa mulu. Kenako, malinga ngati pa mulu pali kanthu, imachotsa kabokosi ka pamwamba ndi `pop()`, n'kuyang'ana mbali zake zinayi, ndipo kalikonse komwe kali mkati mwa tebulo komanso kali mtunda imakamiza n'kukaika pa mulu ndi `append()`. Mulu ukatha ndiye kuti chilumba chonse chamira.

Pa chilumba cha pamwamba kumanzere zimayenda motere. Timamiza (0, 0) n'kukaika pa mulu. Tikakachotsa timapeza mtunda pansi pa (1, 0) ndi kumanja pa (0, 1), ndipo tonse tiwiri timatimiza n'kutiika pa mulu, (0, 1) kukhala pamwamba chifukwa kalowa pomaliza. Timachotsa (0, 1), ndipo pansi pake, kumanja kwake ndi kumanzere kwake ndi madzi okhaokha. Timachotsa (1, 0), n'kupezanso madzi pansi, pamwamba ndi kumanja. Mulu watha. Woyenda uja akafika pa (0, 1) ndi (1, 0) apeza 0 ndipo angodutsa.

Pali kanthu kamodzi m'kalembedwe aka koyenera kukayang'anitsitsa, komwe ndi nthawi yomizira. Tikumiza kabokosi pa nthawi yokaika pa mulu, osadikira nthawi yokachotsa. Chifukwa chake chimaoneka pa chilumba cha timabokosi 4 topanga sikweya ya 2 kwa 2. Tiyerekeze kuti tikumiza pochotsa. Kuchokera pa ngodya timaika ka pansi ndi ka kumanja pa mulu, tonse tikadali 1. Timachotsa ka kumanja, n'kuika ka pa ngodya inayo. Tikachotsa kameneko timayang'ana kumanzere kwake n'kuona ka pansi kaja kakadali 1, ngakhale kali kale pa mulu, ndipo timakaikanso kachiwiri. Chiwerengero cha zilumba sichilakwika ndi zimenezi, koma mulu umatupa popanda chifukwa, ndipo ngati mukuwerenganso kukula kwa chilumba powonjezera chimodzi pa kuchotsa kulikonse, mupeza 5 m'malo mwa 4. Tikamiza poika, kabokosi kalikonse kamalowa pa mulu kamodzi kokha, ndipo mulu sungapose chiwerengero cha timabokosi ta mtunda.

Wodziwa bwino nkhaniyi aona kuti dongosolo loyendera timabokosi silikufanana ndendende ndi la pulogalamu yodziitana ija, popeza tikumiza toyandikana tonse nthawi imodzi tisanalowe mwa kamodzi. Pa mafunso ena, monga omwe Tarjan ankathetsa, dongosololi ndi lofunika ndipo mulu umayenera kusunganso mbali yomwe kabokosi kalikonse kanalekezera. Pa kuwerenga zilumba zilibe kanthu, chifukwa chomwe tikufuna n'chakuti chilumba chonse chimire, posatengera kuti kayamba kumira ndi kati.

Mulu wathuwu nawo umakula ndithu. Pa tebulo lodzaza la 300 kwa 300 pulogalamu imayenda mzere umodzi wopingasa ikusiya mzere wa pansi pake pa mulu, n'kudumphira ku mzere wotsatira, kotero mulu umafika pafupifupi theka la tebulo, timabokosi 45,000. Kusunga manambala awiriawiri ochuluka chotero kumatenga mamegabaiti ochepa chabe, omwe ngakhale foni siingawamve. Amene akufuna kuchepetsanso angasinthe mbali yochotsera, n'kumatenga kabokosi komwe kanalowa poyamba m'malo mwa komaliza. Kafufuzidwe kamasanduka kofalikira m'mbali zonse mofanana, komwe kamalembedwa kuti BFS, ndipo pa tebulo lodzaza lomwelo odikira sapitirira pafupifupi 300 pa nthawi imodzi. Mu Python izi zimachitika ndi `collections.deque` ndi `popleft()`. Kugwiritsa ntchito `pop(0)` pa mndandanda wamba kumapereka yankho lomwelo, koma kumasuntha zonse zotsala pa kuchotsa kulikonse, ndipo mndandanda ukatalika kumachedwetsa.

Zolakwika zomwe sizipereka uthenga

Kugwa kwa pulogalamu kuli ndi ubwino umodzi, kumaoneka. Zolakwika zoopsa kwambiri pa funsoli ndi zomwe zimapereka nambala yooneka yabwinobwino. Yoyamba ndi ya Python yokha. Mu chiyankhulochi `g[-1]` si kulakwitsa, kumatanthauza mzere wotsiriza. Munthu akaiwala kuona ngati `a` ndi `b` sanatsike pansi pa 0, kabokosi ka m'mphepete mwa pamwamba kamalumikizana ndi ka m'mphepete mwa pansi, ndipo ka kumanzere kamalumikizana ndi ka kumanja. Pa tebulo lathu, kuchokera pa (0, 0) pulogalamu yotero imadumphira pa (3, 0) ndi pa (0, 4), n'kumiza zilumba zitatu ngati chimodzi. Yankho limatuluka 2 m'malo mwa 4, popanda chenjezo lililonse.

Ina imachokera pa kusiyana kwa nambala ndi chilembo. Tebulo lowerengedwa kuchokera mu fayilo, komanso la pa LeetCode lija, limakhala ndi zilembo `'1'` ndi `'0'`. Kwa Python `'1' == 1` ndi bodza, ndiye pulogalamu yathu siipeza mtunda paliponse ndipo imayankha 0. Wina akafuna kuzemba polemba `if g[r][c]:` amagwa m'mbuna ina, chifukwa chilembo `'0'` chimatengedwa ngati choona, ndipo madzi onse amasanduka mtunda. Yankho la 0 limabweranso mukaitana `werenga` kachiwiri pa tebulo lomwelo, popeza ulendo woyamba unamiza zonse. Ngati tebulo likufunikanso, kope lake liyenera kupangidwa mzere ndi mzere, monga `[m[:] for m in g]`, chifukwa `g[:]` imangokopera mndandanda wakunja ndipo mizere ya mkati imakhala yomweyo.

Lamulo la ngodya lija nalo lili ndi zake. Tikalola kuti kugundana pa ngodya kukhale kulumikizana, kabokosi kalikonse kamakhala ndi toyandikana 8, ndipo pa tebulo lathu (1, 3) ndi (2, 2) zimalumikiza zilumba ziwiri, yankho n'kukhala 3. Palibe lolakwika pakati pa 4 ndi 3, aliyense akuyankha funso lake, koma ndi bwino kudziwa lomwe mukufunsa musanayerekeze mayankho ndi a pulogalamu ina. Zida zopangidwa kale zimasiyana pomwepa. Fankishoni ya `scipy.ndimage.label` mwachizolowezi imayang'ana mbali 4, pomwe `cv2.connectedComponents` ya OpenCV imayang'ana 8, ndipo nambala yomwe imabweza imawerengeranso madzi ngati chigawo chimodzi, choncho pamafunika kuchotsapo 1.

Zida zimenezi ndizo zoyenera pa zithunzi zazikulu kwambiri. Chigawo chimodzi cha chithunzi cha Sentinel-2 chimakhala cha timabokosi 10,980 kwa 10,980, topitirira mamiliyoni 120, ndipo pa kukula kotero pulogalamu yathu ya Python, ngakhale siingagwe chifukwa cha kudziitana, imachedwa ndipo mulu wake ungadye magigabaiti. Zidazo zinalembedwa m'ziyankhulo zothamanga, ndipo zimatsata maganizo a Rosenfeld ndi Pfaltz aja, oyenda mzere ndi mzere n'kumapatsa timabokosi manambala osakhalitsa, kenako n'kuphatikiza manambala omwe apezeka kuti ndi a chigawo chimodzi.

Pa pulogalamu yolemba nokha, matebulo ochepa ndi okwanira kuulula zonse tafotokozazi. Tebulo la pamwamba lija liyenera kupereka 4, ndipo 3 akusonyeza kuti ngodya zalowerera, 2 kuti m'mphepete mukudontha, 0 kuti mwasokoneza zilembo ndi manambala. Kenako pangani tebulo lodzaza ndi `[[1] * 1000 for _ in range(1000)]`, lomwe liyenera kupereka 1 popanda kukhudza `sys.setrecursionlimit`. Samalani kuti musalilembe ngati `[[1] * 1000] * 1000`, chifukwa pamenepo mizere yonse 1000 imakhala mzere umodzi womwewo, kumiza kabokosi kamodzi kumamiza mzere wotsika wonse, ndipo pulogalamu imangoyenda timabokosi 1000 m'malo mwa miliyoni, kotero kuyesako sikuonetsa chomwe munafuna kuona.